Kupepesa chifukwa cha chakudya cha nkhuku chomwe sichinafike Lachiwiri

Achimwene, imelo yopepesa kasitomala imene munalemba ija ndaiwerenga ndipo ndakonza malo angapo pamene mawu samagwirizana. Munalemba kuti "matumba 40 idzafika", pamene zimayenera kukhala "adzafika". "Nkhuku zanu anagona" ndasintha kukhala "zinagona". "Chakudya yathu" ndi "chakudya chathu". Pa galimoto munayamba ndi "yathu" kenako n'kulemba "linawonongeka", ndiye ndasiya "yathu inawonongeka" ponseponse. Itumizeni mmene ililimu isanakwane 10 koloko.

Mutu: Kupepesa kuti matumba 40 a chakudya cha nkhuku sanafike Lachiwiri

Okondedwa Mayi,

Tikukhulupirira kuti mwadzuka bwino kumeneko ku Likuni. Ndikulemba m'malo mwa tonse a kuno ku Kanengo kupepesa kuti katundu amene munalipira sabata yatha, matumba 25 a girowa ndi matumba 15 a finisha, onse a makilogalamu 50, sanakufikeni dzulo Lachiwiri monga tinagwirizanira. Pepani kwambiri, mayi.

Chimene chinachitika ndi ichi. Matumba anu anapakiridwa m'mawa ndithu, ndipo galimoto yathu inanyamuka kuno cha m'ma 9 koloko. Itangodutsa pa Area 18 mumsewu wa M1, inawonongeka kilatchi, dalaivala n'kuikankhira pambali mothandizidwa ndi anthu odutsa. Makaniko anafika masana, koma chitsulo chofunikacho chinapezeka madzulo, masitolo ali pafupi kutseka. Matumbawo tinawabwezera m'nyumba yosungira katundu kuti asagone panja, poti mitambo inali itachita bii.

Kuwonongeka kwa galimoto si chinthu chachilendo pantchito ngati yathuyi, ndipo sitikufuna kubisala kumbuyo kwake. Pamene tinalakwa kwenikweni ndi poti sitinakuimbireni. Dalaivala anadziwitsa ofesi nthawi yomweyo, koma uthengawo unathera pa desiki, aliyense akuganiza kuti mnzake wakuuzani kale. Inu munaimba kangapo, foni yathu osayankhidwa, ndipo tamva kuti anyamata anu awiri anakhala pageti mpaka dzuwa kulowa akudikirira kutsitsa katundu. Tikanakuuzani 10 koloko m'mawa, mukanapeza nthawi yogula matumba angapo m'tauni, nkhuku zanu sizikanagona ndi njala. Tikudziwa kuti nkhuku zanyama za masabata anayi sizidikira munthu: zikangosowa chakudya tsiku limodzi zimabwerera m'mbuyo pa sikelo, ndipo amene amaluza ndi inu, osati ife.

Tsono takonza motere. Katundu wanu yense afika lero Lachitatu isanakwane 2 koloko masana. Tabwereka galimoto ina ya matani atatu, ndipo ulendo wake woyamba ndi wa kwanu. Sidzera kwina kulikonse. Ndikuimbirani ineyo ikamatuluka pageti pathu, kenako dalaivala akuimbiraninso akamalowa mumsewu wa Likuni. Tikutumiza anyamata athu awiri oti atsitse ndi kusanja matumbawo, kuti anu asasiyenso ntchito za m'khola.

Ndalama ya mayendedwe, K45,000 imene munalipira pamodzi ndi katunduyo, tikubwezerani lero lomwe pa nambala yomwe munatumizira. Munatiuzanso usiku kuti mugula matumba awiri a girowa m'mawa uno pa sitolo ya kufupi ndi kwanu, pamtengo wokwera kuposa wathu. Chonde jambulani lisitilo mutitumizire, ndipo ndalama yowonjezerayo tiichotsa pa oda yanu yotsatira. Ngati mungakonde kuti tikubwezereni m'manja, tiuzeni, tichita zomwezo.

Matumba akafika, tikupempha kuti muwawerenge ndi kuwayang'ana musanasayine chikalata cholandirira katundu. Anapakiridwa ndi kutsitsidwa kawiri, choncho n'kutheka kuti lina linang'ambika pamsoko. Thumba lililonse long'ambika kapena lonyowa libwerere pa galimoto yomweyo, ndipo lina lolowa m'malo mwake lidzabwera mawa popanda inu kulipira kanthu.

Kuno ku ofesi tagwirizana kuti kuyambira lero, galimoto ikachedwa ndi ola limodzi, amene walandira uthenga kwa dalaivala ndi yemweyo woimbira kasitomala, ndipo azilemba m'buku nthawi imene waimba. Oda yanu ya mwezi wamawa ndiiyang'anira ndekha.

Ngati nthawi ya 2 koloko siikukuyenderani bwino, ingoyankhani imeloyi kapena muimbe pa nambala ya ofesi yomwe ili pa invoisi yanu, mufunse woyang'anira zotumiza katundu.

Zikomo kwambiri chifukwa cha kuleza mtima kwanu.

Ine wanu,
Woyang'anira zotumiza katundu
Kanengo, Lilongwe