Pempho la VPN pa nthawi yomwe ndidzakhale ndikugwira ntchito ku Nairobi

Nthambi ya Zachuma
Lilongwe
9 Febuluwale 2026

Kwa Akuluakulu a Nthambi ya IT

Bambo,

Ndikupempha kuti mundipatse mwayi wolowa mu netiweki ya ofesi kudzera pa VPN kuyambira Lolemba pa 2 Malichi mpaka Lachisanu pa 10 Epulo 2026. Masabata amenewa ndidzakhala ku Nairobi m'dziko la Kenya, komwe abwana anga andituma kukathandiza anzathu kukonza mabuku a pulojekiti anthu owunika ndalama asanafike. Kalata yawo yondiloleza ndaiphatika pa imelo yomweyi. Ntchito yanga ya kuno siyiima: mabuku a mwezi wa Malichi ndidzatsekera komweko.

Chimene ndikupempha koposa ndi chakuti zonse zikonzedwe ndi kuyesedwa ndisananyamuke pa 1 Malichi. VPN ikakana ndili kunja, inu simungalowe mu laputopu yanga kudzera mu netiweki ya ofesi kuti muikonze, chifukwa njira yolowera ndi yomweyo yomwe yatsekeka. Komanso pa 3 Malichi, tsiku langa lachiwiri kumeneko, kuno ndi tchuthi cha tsiku la ofera dziko ndipo ofesi idzakhala yotseka.

Sindikufuna netiweki yonse. Ndikufuna zinthu ziwiri zokha: seva ya pulogalamu ya zowerengera ndalama, `akaunti01`, kudzera pa Remote Desktop, doko la TCP 3389, ndi foda ya nthambi yathu pa seva ya mafayilo, doko la TCP 445. Foda ya malipiro a antchito musanditsegulire. Muli manambala a zitupa ndi a maakaunti a kubanki a anthu, ndipo poti dziko lathu lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, ndi bwino zimenezo zisamatsegulidwe kunja popanda chifukwa. Pulogalamu ya ndalama ndasankha kuigwiritsa ntchito pa Remote Desktop dala. Ikamayenda pa laputopu n'kumakoka deta pa seva yakutali imachedwa kwambiri, ndipo intaneti ikaduka pakati pa kusunga, zolemba zimatha kuonongeka. Pa Remote Desktop ntchito imachitikira pa seva, intaneti ikaduka ndimangolowanso n'kupitiriza pomwe ndinalekera.

Ndidzatenga laputopu ya ofesi yomwe ndikugwiritsa ntchito panopa, ya Windows 11. Chonde onani kuti BitLocker ndi yoyatsa ndipo kiyi yake yopulumutsira muli nayo inuyo. Onaninso tsiku lomwe satifiketi ya makinawa ikuthera. Ngati ikutha mwezi wa Epulo usanathe, iikidwe yatsopano panopa.

Nkhani ya nambala yachiwiri yotsimikizira ndiyo ikundidetsa nkhawa kwambiri. Panopa nambalayi imabwera pa uthenga wa pafoni pa layini yanga ya kuno. Ku Kenya ndidzaika simu khadi ya komweko, ndipo ngakhale layini ya kuno itamagwira kunja, mauthenga otere amachedwa kapena osafika n'komwe, pomwe nambalayo imatha mphamvu pakangopita mphindi zochepa. Ndikupempha kuti mundisamutsire ku pulogalamu ya pafoni yotulutsa manambala, monga Microsoft Authenticator. Manambala ake amasintha masekondi 30 aliwonse ndipo safuna netiweki. Kulembetsako kuchitike ndili pamaso panu, chifukwa kumafuna kujambula chizindikiro cha QR kuchokera kwa inu. Ngati malamulo anu amalola, mundipatsenso manambala apadera oti ndigwiritse ntchito foni ikatayika. Ndidzawasunga pa pepala, osati mu chikwama chimodzi ndi laputopu.

Nairobi ili patsogolo pa Lilongwe ndi ola limodzi. Pa foni ndi pa laputopu ndidzasintha dera la nthawi lokha, osati kukankha wotchi pamanja. Munthu akakankha wotchi dera lili lakale, makina amakhala atasiyana ndi seva ndi ola lathunthu, manambala otsimikizira amakanidwa, nayonso domeni imakana chifukwa nthawi zambiri imalola kusiyana kwa mphindi 5 zokha.

Pasiwedi yanga ikutha pa 19 Malichi malinga ndi lamulo lathu la masiku 90. Ndidzaisintha sabata yomaliza ya Febuluwale laputopu ili pa waya wa ofesi. Ikathera kunja pamakhala chisokonezo: laputopu imakumbukirabe yakale, VPN ikufuna yatsopano, munthu n'kumayesa mpaka akaunti itatsekedwa.

Kumbali ya fayawolo, ngati imakana makompyuta ochokera kunja kwa Malawi, chonde lolezani dziko la Kenya pa akaunti yanga yokha kwa masiku ndatchulawa. Sindingakupatseni adiresi imodzi ya IP, chifukwa ndidzalowa kuchokera malo atatu: ofesi ya anzathuwo, wayifayi ya nyumba yogona, ndi foni yanga zinazo zikavuta, ndipo adiresi ya pafoni imasinthasintha. Dziwitsaninso amene amayang'anira machenjezo kuti akaona akaunti yanga ikulowa kuchokera ku Nairobi asaitseke poganiza kuti ndi akuba. Koma akaiona ikulowa kuchokera kuno kapena dziko lina lililonse pa masiku amenewa, atseke osafunsa.

VPN yathu imayenda pa IPsec, yomwe imafuna madoko a UDP 500 ndi 4500, ndipo mawayifayi ena a m'nyumba zogona alendo amatseka madoko amenewa. Kodi tili ndi njira ina yodutsa pa TCP 443? Ngati ilipo, iikidwenso pa laputopu. Vuto lina ndi la maadiresi. Maseva athu ali pa 192.168.1.0/24, ndipo marauta ambiri a m'nyumba amagwiritsa ntchito manambala omwewo. Zikatero VPN imaonetsa kuti yalumikizana koma seva osapezeka, chifukwa laputopu ikuifunafuna m'nyumba momwemo. Mundiuze ngati mudzaika njira yolunjika ku adiresi ya seva iliyonse, kapena ndizingothawira pa foni zikachitika.

Ine ndingakonde kuti pa VPN padzidutsa zopita ku maseva a ofesi zokha, misonkhano ya pakanema idzipita molunjika pa intaneti, apo ayi mawu amadukaduka ndipo layini ya ofesi imalemedwa. Koma ngati lamulo ndi lakuti zonse zidzidutsa kuno, nditsatira.

Ndikupempha ola limodzi Lachitatu pa 18 Febuluwale kuti tiyese. Tidzachotse laputopu pa waya ndi pa wayifayi ya ofesi, tiilumikize ku foni, tilowe pa VPN, kenako tiyese izi mu PowerShell:

```
nslookup akaunti01
Test-NetConnection akaunti01 -Port 3389
```

Dzina likapanda kupezeka koma seva n'kuyankha tikaika adiresi yake ya IP m'malo mwa dzina pa mzere wachiwiriwo, tidzadziwa kuti vuto ndi DNS. Tsikuli likutisiyira sabata ndi theka yokonzera chomwe chavuta. Kuyesaku sikudzationetsa ngati Kenya yaloledwa, poti foni idzakhala pa netiweki ya kuno, ndiye Lolemba pa 2 Malichi ndidzayesa nthawi ya 9 koloko m'mawa ya ku Nairobi, yomwe ndi 8 koloko kuno. Pakhale wina wa inu woti ndimupeze pa WhatsApp nthawi imeneyo.

Laputopu sindidzabwereketsa munthu, mafayilo a ofesi sindidzakopera pa fulashi, ndipo laputopu kapena foni ikabedwa ndidzakuimbirani nthawi yomweyo kuti muthetse satifiketi ndi kutseka akaunti. Mundipatse nambala yoimbira kunja kwa maola a ntchito, makamaka poti Pasaka, kuyambira pa 3 mpaka pa 6 Epulo, ikugwa mkati mwa kutseka mabuku. Mwayi wa VPN muutseke Lolemba pa 13 Epulo ndikadzabwerera pa desiki yanga. Ngati pali fomu yoti ine kapena abwana anga tisayinire, nditumizireni sabata ino.

Zikomo kwambiri.

Ine wanu,
Tiyamike
Wowerengera ndalama za mapulojekiti