Kalata ya dandaulo kwa eni nyumba

Area 25, Lilongwe
3 Febuluwale 2025

Okondedwa Bambo Chirwa,

DANDAULO PA NYUMBA IMENE NDIKUCHITA LENDI

Ndalemba kalatayi chifukwa zimene takhala tikukambirana pafoni sizinaphule kanthu. Mavutowa ndawasanja motsatira masiku ake.

1. Pa 18 Novembala 2024, mvula yoyamba ikugwa, denga la chipinda chogona linayamba kudontha. Ndinakuimbirani tsiku lomwelo, munalonjeza kutumiza kalipentala.

2. Pa 9 Disembala paipi yapabafa inaphulika. Pulambala ndinamulipira ndekha K35,000, lisiti lilipo.

3. Pa 14 Januwale 2025 siling'i yonyowa ija inagwera pabedi la ana usiku. Mwamwayi anali asanagone, koma matiresi ndi mabuku a sukulu zinaonongeka. Panopa anawo akugona pabalaza, ndipo mvula ikangoyamba timatchera mabeseni. Izi zandipweteka kwambiri, poti lendi sindinachedwetsepo.

4. Pa 27 Januwale ndinakulemberani uthenga pa WhatsApp, simunayankhe.

Ndikupempha kuti denga likonzedwe pasanafike pa 17 Febuluwale, ndipo K35,000 ija ichotsedwe pa lendi ya Malichi. Zikapanda kutero ndikadandaula kubwalo la milandu.

Ine wanu,
Esnart Mbewe (Mayi)