Malangizo osungira chimanga m'matumba a PICS: kuchoka pa ndime kufika pa mndandanda wa manambala

Achemwali,

Ndalandira uthenga wanu uja wakuti mamembala akudandaula ndi pepala la alangizi. Akunena zoona. Ndime yonse yalembedwa mothinana, ndipo munthu amene manja ake ali m'chimanga sangabwerere kukasaka pamene analekezera kuwerenga. Ndaikonza kukhala mndandanda, ndipo ndalemba mmene ndachitira kuti pepala la mtedza lija mukalikonze nokha.

Ndime ya alangizi ili motere:

"Chimanga chikatonoledwa chipeteni bwino kuti muchotse zitsotso ndi fumbi, kenako chiyanikeni pa mkeka mpaka chiume. Kuti mudziwe ngati chauma, ikani chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, tsekani ndipo gwedezani. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimanga sichinaume, chiyanikeninso. Thumba la PICS limabwera ndi matumba awiri apulasitiki komanso thumba lakunja loluka. Lowetsani lapulasitiki loyamba m'lachiwiri, awiriwo muwaike m'thumba lakunja, ndipo thirani chimanga pang'onopang'ono, koma musanathire onetsetsani kuti matumba apulasitikiwo sanabooke. Musadzadze mpaka kukamwa. Finyani thumba lam'kati kuti mpweya utuluke, lipotoleni, lipindeni n'kulimanga, chitani chimodzimodzi ndi lachiwiri, pomaliza mangani lakunja. Musathiremo mankhwala. Ikani matumba pa thandala, kutali ndi khoma, ndipo mulembe tsiku pa thumba lililonse musanaunjike."

Kompyuta musaiyatse kaye. Tengani pepala lenilenilo ndi pensulo, muzilemba mzere kunsi kwa mneni aliyense amene akuuza munthu chochita: petani, yanikani, ikani, gwedezani, lowetsani, thirani, finyani, mpaka kumapeto. Pamwamba pa mneni aliyense ikani kanambala motsatira mmene alangizi analembera, ngakhale pamene mukuona kuti inu mukanayala mwina. Pepala limeneli ndi limene mudzayerekezere nalo mndandanda wanu mukamaliza, choncho musalitaye.

Kenako werenganinso, ulendo uno mukusaka mawu amene amatembenuza nthawi: musana-, mutatha, poyamba, mukamaliza. Vuto lalikulu lili apa. Mawu ngati amenewa amachititsa kuti chinthu cholembedwa pambuyo chikhale chochitika patsogolo. M'ndime yathu "musanathire" wabwera kuthira kutatchulidwa kale. Mutangodula ziganizo monga zilili, nambala ya kuthira ibwera patsogolo pa nambala ya kuyang'ana ziboo, ndipo mlimi wotsatira manambala mokhulupirika adzazindikira chiboo makilogalamu 50 ali kale m'kati. Matumba amenewa amapha anankafumbwe powamana mpweya basi. Kachiboo kamodzi kangachititse kuti chimanga cha m'thumbalo chifumbwe. N'chimodzimodzi ndi "musanaunjike" kumapeto kuja: tsiku lilembedwe thumba lisanapsinjidwe ndi linzake.

Lamulo limene ndimatsata n'lakuti ndimasuntha chinthu pokhapokha mwini ndime atanena yekha kuti chiyambe ndicho. Pamene sananene, sindisuntha. Pamene wanena koma mosamveka bwino, ndimamufunsa. Mwachitsanzo, kuyang'ana ziboo kuchitike matumba atalowetsedwa kale, kapena akadali m'manja? Ndime yangoti "musanathire". Ndinawaimbira foni alangizi, ndipo anandiuza kuti ndi bwino kuyang'ana thumba lililonse palokha asanalilowetse m'linzake. N'chifukwa chake mwaiona ili pa nambala 5.

Pali ziganizo zina zomwe si zochita ayi. Chija chofotokoza zimene thumba la PICS limabwera nazo ndachikweza pamwamba, m'gawo la zofunika. Machenjezo awiri, wa kudzadza ndi wa mankhwala, sindinawapatse manambala awoawo. Ndawaika pa nambala ya kuthira, pamene munthu angalakwitse. Chenjezo la mankhwala likakhala pamene linali, munthu adzaliwerenga atamanga kale zonse.

Mndandanda wake ndi uwu:

KASUNGIDWE KA CHIMANGA M'THUMBA LA PICS

Zofunika: thumba la PICS (matumba awiri apulasitiki ndi lakunja loluka), mkeka, botolo lagalasi louma lokhala ndi chotsekera, mchere wouma, zingwe zitatu, cholembera ndi thandala.

1. Petani chimanga chotonola kuti muchotse zitsotso ndi fumbi.
2. Chiyanikeni pa mkeka mpaka chiume.
3. Ikani chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo, tsekani ndipo gwedezani.
4. Yang'anani botolo. Mchere ukamatirira m'mbali, bwererani ku nambala 2. Ukapanda kumatirira, pitirizani.
5. Onetsetsani kuti matumba onse awiri apulasitiki sanabooke.
6. Lowetsani thumba lapulasitiki loyamba m'lachiwiri.
7. Ikani awiriwo m'thumba lakunja.
8. Thirani chimanga pang'onopang'ono. Musadzadze mpaka kukamwa. Musathiremo mankhwala.
9. Finyani thumba lam'kati kuti mpweya utuluke, lipotoleni, lipindeni n'kulimanga.
10. Finyani thumba lachiwiri kuti mpweya utuluke, lipotoleni, lipindeni n'kulimanga.
11. Mangani thumba lakunja.
12. Lembani tsiku pa thumba lililonse.
13. Ikani matumba pa thandala, kutali ndi khoma.

Mwina mufunsa chifukwa chake nambala 9 ili ndi aneni anayi. Kufinya, kupotola, kupinda ndi kumanga kumachitika dzanja lisanachoke pathumba. Mukasiya pakati kuti muwerenge, mpweya ubwereramo. Zimene munthu amachita mosalekeza ndimazisiya pa nambala imodzi. Pa nambala 10 ndachotsa "chitani chimodzimodzi" n'kulemba zonse mwatsatanetsatane, chifukwa ambiri mwa amayi athu amachita kuwerengeredwa ndi ana a sukulu, ndipo mwana amawerenga mzere umene wauzidwa basi. Zingwe, cholembera ndi chotsekera botolo alangizi sanazitchule, koma zochita zawo zikuzifuna, ndipo avomera kuti zilembedwe.

Tsopano pa kompyuta. Mu Word, koperani ndimeyo pa tsamba lina kuti yoyamba ikhale yosakhudzidwa. Sankhani ndime yokoperayo, dinani Ctrl+H, ndipo m'mabokosi awiri aja lembani izi (m'bokosi loyamba ndi mpumiro wotsatana ndi mpata umodzi):

```
Find what:     . 
Replace with:  .^p
```

Dinani Replace All, ndipo ikakufunsani ngati ipitirize ndi chikalata chonse, kanani. Chiganizo chilichonse chikhala pa mzere wakewake. Pamene pali mpatuliro dulani nokha ndi Enter, mukuyang'ana pepala la pensulo lija. Mukasuntha zoyenera kusuntha, sankhani mizere yonse n'kudina Numbering pa Home. Samalani ndi batani la Sort, lokhala ndi A ndi Z, lomwe lili chapafupi pomwepo: limayala mizere motsata alifabeti ndipo dongosolo lonse limasokonekera. Mukalidina mwangozi, Ctrl+Z ibweza. Dziwaninso kuti mukaonjezera mzere, Word imasintha manambala yokha, koma mawu oti "bwererani ku nambala 2" siwasintha. Amenewo muwakonze ndi dzanja.

Musanasindikize, ikani mapepala awiriwo pambalipambali, muchonge mneni aliyense wa m'ndime amene wapezeka pa mndandanda. Asatsale ndi mmodzi yemwe. Kenako mumupatse membala mmodzi thumba ndi chimanga, wina aziwerenga mokweza, inu muzingoonerera osathandiza. Pamene waima n'kufunsa, palembeni ndipo munditumizire.

Msonkhano uli Loweruka m'mawa, choncho makope 40 akhale atasindikizidwa Lachisanu masana. Limodzi mukamate pa chitseko cha nyumba yosungiramo katundu.

Ndine,
Mlembi wa gulu