Zobwereza mayeso asanafike: limfoma ya Hodgkin ndi limfoma zina zonse

Kwa ophunzira zachipatala amene muli nafe ku wodi kuno ku Salima. Werengani izi Lachinayi lisanafike, chifukwa tsikulo ndidzangofunsa mafunso, sindidzaphunzitsanso.

Limfoma ndi khansa yochokera ku maselo oyera a magazi otchedwa malimfosaiti, ndipo kawirikawiri imaonekera m'anabele. Timaigawa pawiri: ya Hodgkin, imene papepala la ku labu amalemba HL, ndi zina zonse zotsala, NHL. Musaganize kuti magulu awiriwa ndi ofanana kukula. HL ndi nthenda imodzi yokhala ndi mitundu yochepa, ndipo pa limfoma 10 zilizonse, pafupifupi imodzi yokha ndiyo HL. NHL ndi gulu la nthenda zambirimbiri zosiyana khalidwe, zambiri zochokera ku selo ya B, zochepa ku selo ya T kapena NK.

Maselo

Funso loyamba pa maikulosikopu ndi ili: wadzaza mwanabeleyu ndani? Mu HL maselo a khansa enieni ndi ochepa zedi, mwina amodzi kapena awiri pa 100. Ena onse ndi maselo abwinobwino a chitetezo, malimfosaiti, mayosinofilo, maselo a pulazima ndi mamakirofeji, amene aitanidwa ndi timadzi totuluka mu selo yoipayo. Timadzi tomweti ndito timabweretsa kutentha thupi ndi thukuta. Selo yoipayo ndi ya Reed-Sternberg: yaikulu, ya manyukiliyasi awiri oyang'anizana, aliyense ali ndi kadontho kakakulu pakati, moti imaoneka ngati maso a kadzidzi. Inafotokozedwa ndi Carl Sternberg mu 1898 ndi Dorothy Reed mu 1902, pamene nthendayo Thomas Hodgkin anali atailemba kale mu 1832. Imachokera ku selo ya B koma inataya zizindikiro zambiri za mtundu wake. N'chifukwa chake imaonetsa CD30 ndi CD15, ilibe CD45, ndipo CD20 kawirikawiri palibe kapena ndi yofooka. Lowezani zimenezo.

Mitundu inayi ya HL yodziwika mumaidziwa. Iwiri yokha ndiyo ndikufuna muigwiritse. Wa zipsera zogawa mwanabele m'timagawo umakonda achinyamata ndipo umamera pakati pa chifuwa. Wa maselo osakanikirana umayenda kwambiri ndi kachilombo ka EBV ndi HIV, ndipo m'mayiko osauka ngati lathu umapezeka kuposa momwe mabuku a ku Ulaya angakuganizitseni. Palinso mtundu wapadera umene maselo ake amaonetsa CD20 koma alibe CD15 ndi CD30. Oyesa amaukonda pofuna kukukolani.

Mu NHL maselo a khansa ndiwo ambiri, ofanana maonekedwe, ndipo amafafaniza kamangidwe ka mwanabele. Apa timayang'ana kukula kwa selo, ngati aunjikana m'timagulu kapena angoti mbwee ponseponse, komanso ngati ndi B (CD20) kapena T (CD3). Mitundu ina ili ndi kusinthana kwa makoromozomu kodziwika: t(14;18) ndi BCL2 mu limfoma ya folikyula, t(8;14) ndi MYC mu ya Burkitt.

Kafalikidwe

HL imayenda mwadongosolo, kuchoka pa gulu limodzi la anabele kupita pa loyandikana nalo, ngati minibasi ya pa msewu wa M5 imene singafike ku Nkhotakota isanadutse Khombedza ndi Benga. Imayambira m'khosi kapena pamwamba pa fupa la phewa, n'kulowa pakati pa chifuwa, kenako anabele otsatira mtsempha waukulu wa m'mimba ndi kapamba. Chiwindi ndi mafuta a m'mafupa zimagwidwa mochedwa. Sichitikachitika kuti igwire matonsolo, anabele a m'matumbo, kapena kuyambira kunja kwa anabele.

NHL ilibe dongosolo lotere. Imalowa m'magazi msanga, ndipo wodwala angabwere ndi zotupa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche nthawi imodzi, pachifuwa pali bwinobwino. Matonsolo ndi anabele a m'matumbo amagwidwa kawirikawiri. Ambiri imawayambira kunja kwa anabele: m'chifu, m'matumbo, pakhungu, m'bongo, m'nsagwada. Choncho pa wodwala aliyense yang'anani kukhosi ndi tochi ndipo papasani mimba.

Masiteji ndi omwewo a Ann Arbor a mu 1971. I ndi gulu limodzi; II magulu awiri kapena kuposa mbali imodzi ya dayafulamu; III mbali zonse ziwiri; IV yamwazikira m'ziwalo monga chiwindi, mapapo kapena mafuta a m'mafupa. Timawonjezera B ngati pali kutentha thupi kopitirira madigiri 38, thukuta la usiku lonyowetsa zofunda, kapena kutsika sikelo kopitirira 10 pa 100 m'miyezi 6. Kuyabwa ndi kupweteka kwa anabele munthu akamwa mowa zimaloza ku HL, koma sizili m'gulu la B. Poti HL imayenda mwadongosolo, siteji ndiyo imalamula chithandizo. Mu NHL mtundu wa selo umalemera kuposa siteji.

Khalidwe

HL imakonda misinkhu iwiri, zaka 15 mpaka 35 ndi kupitirira 55, ngakhale kuno ana nawonso imawagwira. Anabele ake sapweteka, ndi olimba ngati labala, amakula pa miyezi. Ndi imodzi mwa khansa zochizika kwambiri: kumene mankhwala a ABVD ndi chithandizo cha cheza zimapezeka mokwanira, oposa 80 pa 100 amachira.

NHL igaweni pawiri, ndipo apa pali chinthu chimene ophunzira amasokoneza chaka ndi chaka. Zoyenda pang'onopang'ono, monga ya folikyula, munthu amakhala nazo zaka zambiri, zimamva mankhwala, koma zimabwereranso ndipo kawirikawiri sizitheratu. Zaukali, monga DLBCL, ya maselo aakulu a B omwazikana, imene ndiyo yofala kuposa zonse mwa akuluakulu, zimapha pa miyezi yochepa zikasiyidwa, koma zimachizika ndi CHOP, makamaka powonjezera rituksimabu. Mankhwala a khansa amagwira bwino selo imene ikugawikana, ndiye chifukwa chake.

Ya Burkitt ndiyo yathu kunyanja kuno. Denis Burkitt anaifotokoza mu 1958 ali ku Uganda. Imayenda ndi EBV pamodzi ndi malungo obwerezabwereza, imakonda ana a zaka 4 mpaka 7, anyamata kuposa atsikana. Chotupa chingawirikize kukula pa tsiku limodzi kapena awiri. Mayi adzakuuzani kuti, “Adokotala, sabata yathayi linali dzino chabe, tinkati chiseyeye.” Mukayang'ana, tsaya latupa mbali imodzi, mano akugwedera, mwina diso latuluka, mwana wina amabwera ndi mimba yokha yotupa, wina miyendo yafooka chifukwa chotupa chapanikiza msana. Pa maikulosikopu pamaoneka ngati thambo la nyenyezi, chifukwa cha mamakirofeji otuwa omwaza pakati pa maselo akuda othithikana. Mwana wotere samupatsa tsiku lobweranso mwezi wamawa. Mutumizeni ku Kamuzu Central msanga, ndipo kumbukirani kuti maselo akayamba kufa ambiri nthawi imodzi, potaziyamu imakwera n'kusokoneza mtima, ndipo yuriki asidi imakwera n'kuwononga impso.

HIV imachulukitsa magulu onse awiri, koma makamaka NHL zaukali. Wodwala aliyense wa limfoma ayezedwe.

Chomaliza ndi cha ku wodi, ngakhale pa mayeso chimabweranso. Kuno mwanabele wa m'khosi, thukuta la usiku ndi kuwonda nthawi zambiri ndi TB, ndipo sitilakwa kuganiza choncho. Koma ngati GeneXpert sinapeze kanthu, mankhwala a TB amwedwa milungu ingapo ndipo chotupa chikukulabe, musawonjezere mwezi wina. Pemphani kuti achotse mwanabele wathunthu akamuyeze. Kungoyamwa ndi singano kungaphonye maselo ochepa a Reed-Sternberg aja, ndipo sikuonetsa kamangidwe ka mwanabele. Ndiponso, pokhapokha wodwala akubanika kapena msana wapanikizika, musamupatse puledinisoloni asanachotsedwe mwanabeleyo, chifukwa amasungunula maselo a limfoma, a ku labu n'kubweza pepala lopanda yankho.