Ndondomeko ya masilaidi a mphindi 10: zimene kalembera wa 2018 akutanthauza pa ntchito yathu ya m'masukulu

Mayi Wapampando,

Monga munandipempha, ndawerenga lipoti lalikulu la kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018, limene ofesi ya boma yoona za chiwerengero ku Zomba inatulutsa mu 2019, ndipo ndalifupikitsa kukhala masilaidi asanu ndi awiri oti muwonetse pa msonkhano wa bodi Lachinayi lino. Lipotili ndi lalitali ndipo mbali yaikulu ndi matebulo, choncho sindinatsate mitu yake mmene ilili. Ndayamba ndadzifunsa kuti mamembala a bodi akufunika kugamula chiyani tsikulo, kenaka ndatola manambala okhawo amene angawathandize pa chigamulocho. Mfundo imene ikumanga masilaidi onse ndi imodzi: Amalawi ambiri ndi ana, ambiri mwa anawo ali kumidzi, ndipo ndalama zathu za chaka chamawa ziyenera kulowera kumeneko.

Silaidi 1: Mutu (theka la mphindi)

Pa sikirini palembedwe mawu awa okha: "Theka la Amalawi ndi ana. Kodi bajeti yathu ikuwaona?" Pansi pake pakhale dzina la lipoti ndi chaka chake. Mukapereka ulemu kwa a bodi ndi kwa mafumu awiri amene aitanidwa, munene kuti manambala onse amene amve achokera m'kalembera wa boma amene anachitika mu Seputembala 2018, ndipo kuti pamapeto mudzawapempha chinthu chimodzi.

Silaidi 2: Tinali angati, tafika pati (mphindi imodzi ndi theka)

Mutu wa silaidi: "Kuchoka pa 4 miliyoni kufika pa 17.6 miliyoni m'zaka 52." Pansi pake pali chithunzi cha mizati isanu ndi umodzi, mzati uliwonse ukuimira kalembera mmodzi: 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018.

Zoti munene: Pa kalembera woyamba dziko litalandira ufulu, mu 1966, tinali anthu 4 miliyoni, ndipo pofika 1998 tinali titatsala pang'ono kukwana 10 miliyoni. Mu 2008 tinali 13 miliyoni, pamene kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749. Izi zikutanthauza kuti pakati pa 2008 ndi 2018 chiwerengero chinkakwera ndi 2.9 peresenti chaka chilichonse, ndipo ngati liwiro limeneli silisintha, chimawirikiza kawiri m'zaka pafupifupi 24, ndiye kuti mwana wobadwa lero asanafike zaka 25 adzakhala m'dziko la anthu ochuluka kawiri kuposa limene anabadwiramo.

Nambala yonse ija muitchule kamodzi kokha. Mukabwereranso kwa iyo muzingoti 17.6 miliyoni, chifukwa womvetsera sangasunge manambala asanu ndi atatu m'mutu uku akutsatira zimene mukunena.

Silaidi 3: Dziko la ana (mphindi ziwiri ndi theka)

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi chifukwa chake ndaipatsa nthawi yochuluka kuposa masilaidi ena. Mutu wa silaidi: "Anthu 51 mwa 100 aliwonse sanakwane zaka 18." M'lipoti muli chithunzi chooneka ngati chulu, chotambalala pansi ndi chosongoka pamwamba, chosonyeza anthu malinga ndi misinkhu yawo. Ndinachiyesa pa pulojekita yathu ndipo ndinaona kuti timanambala ta m'mbali sitiwerengeka munthu akakhala pa mzere wachitatu, choncho ndajambula china chosavuta: tianthu 100 tondandalikidwa m'mizere khumi, 51 tofiira ndipo 49 totuwa.

Zoti munene: Mutati mundandalike Amalawi onse pa mzere umodzi kuyambira khanda lobadwa dzulo mpaka agogo okalamba kwambiri, munthu woima pakati penipeni angakhale wa zaka 17, msinkhu wa mwana amene akadali ku sekondale. Pa nthawi ya kalembera, ana osakwana zaka 5 anali oposa 2.5 miliyoni, ndipo popeza mwana amayamba sitandade 1 ali ndi zaka 6, gulu lonseli linafika msinkhu woyamba sukulu pakati pa 2019 ndi 2024. Anawa ali m'makalasi a m'munsi ndi apakati m'sukulu zimene timathandiza, ndipo ndi omwe tinawaona mwezi wathawu atakhala pansi pa mtengo wa mango, aphunzitsi atatsamiritsa bolodi pa thunthu.

Mukafika apa muime pang'ono, anthu ayang'ane chithunzicho. Ngati nthawi ilipo, mungawakumbutse za 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale ndipo ana olembetsa anakwera kuchoka pafupifupi 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, zipinda ndi aphunzitsi zisanakonzeke. Ambiri mwa a bodi anaziona ndi maso, ena anali aphunzitsi nthawi imeneyo, choncho chiganizo chimodzi chikwanira. Mfundo ya 1994 siili m'lipoti la kalembera, ndipo ndi bwino munene kuti mwaionjezera nokha.

Silaidi 4: Anthuwa akukhala kuti (mphindi imodzi ndi theka)

Mutu wa silaidi: "Anthu 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumidzi." Kumanzere kuli mapu a dziko ogawidwa m'zigawo zitatu: Kummwera 44 peresenti, Pakati 43 peresenti, Kumpoto 13 peresenti.

Zoti munene: Mizinda yathu ikukula, moti Lilongwe inali ndi anthu pafupifupi 990,000, Blantyre 800,000, Mzuzu 221,000 ndipo Zomba 105,000, komabe onse okhala m'mizinda ndi m'matauni mukawaphatikiza ndi anthu 16 okha mwa 100. Malo nawo akuchepa: mu 2008 pa sikweya kilomita imodzi pankakhala anthu 138, koma mu 2018 anali 186. Kwa ife izi zikutanthauza kuti malo omangapo midadada yatsopano ya sukulu adzavuta kupeza tikachedwa, ndipo apa mpofunika kuyang'ana kwa mafumu, chifukwa nkhani ya malo idzadutsa m'manja mwawo.

Silaidi 5: Nyumba imene mwanayo akuchokera (mphindi imodzi ndi theka)

Mutu wa silaidi: "Nyumba imodzi yokha mwa zisanu ndi zinayi imaunikira magetsi." Pakhale zithunzi zitatu, babu, mtolo wa nkhuni ndi foni yam'manja, chilichonse ndi nambala yake pansi.

Zoti munene: Mabanja 11 mwa 100 ndi amene amaunikira magetsi, ndipo oposa theka amadalira matochi a mabatire. Mabanja oposa atatu mwa anayi aliwonse amaphikira nkhuni, ndipo tonse tikudziwa kuti wokatola nkhunizo kawirikawiri ndi mtsikana amene amayenera kukhala akulemba ntchito ya kusukulu. Pafupifupi theka la mabanja ali ndi foni yam'manja. Choncho mwana wa kumudzi akaweruka alibe kuwala kokwanira koti awerengere dzuwa likalowa, ndipo zimene waphunzira m'kalasi masana ndizo zonse zimene angapeze tsiku limenelo.

Ndinakayikira ngati silaidi iyi ikhalepo, chifukwa ikupatuka pang'ono pa nkhani ya chiwerengero. Ndaisunga chifukwa ndi imene ikuyankha funso limene Msungichuma anafunsa pa msonkhano wapita, loti bwanji osagula mabuku oti ana azikawerengera kunyumba m'malo momanga zipinda. Koma ngati mwaona kuti mwadya nthawi pa silaidi 3, iyi ndi imene mungaidumphe osawononga mfundo.

Silaidi 6: Tanthauzo lake pa ntchito yathu (mphindi imodzi ndi theka)

Pano palibe nambala yatsopano. Mutu wa silaidi: "Vuto lagona m'makalasi a m'munsi, kumidzi." Pansi pake pakhale chithunzi chija tinajambula cha kalasi ya sitandade 2 ya panja, chimene aphunzitsi aakulu ndi komiti ya makolo anatilola kugwiritsa ntchito, ndipo nkhope za ana sizikuoneka chifukwa chinajambulidwa cha kumbuyo.

Zoti munene: Kwa zaka zingapo takhala tikuika ndalama zambiri pa kulipirira fizi ophunzira a ku sekondale, ndipo ntchito imeneyo ndi yabwino, sitikuti ithe. Koma manambala amene mwaonawa akusonyeza kuti khamu lalikulu likulowera pa khomo la sitandade 1, ndipo mwana amene wapyola sitandade 4 asanadziwe kuwerenga sadzafika n'komwe pamene thandizo lathu la fizi limayambira.

Silaidi 7: Pempho (mphindi imodzi)

Pa sikirini pakhale chiganizo chimodzi: "Tikupempha bodi ivomereze kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a bajeti ya chaka chamawa lipite ku zipinda ndi mabenchi a sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zathu zisanu ndi imodzi." Muchiwerenge monga chalembedwera, muthokoze, ndipo silaidi imeneyi ikhalebe pa sikirini nthawi yonse ya mafunso kuti aliyense aziona chimene akukambirana.

Zimene ndasiya dala

Sindinaikemo mitu ya zipembedzo, mitundu ya anthu, imfa, kusamuka kwa anthu ndi ntchito, ngakhale kuti yonseyi ili m'lipoti, chifukwa sikhudza chigamulo cha Lachinayi ndipo ina mwa iyo ingathe kuyambitsa zokambirana zimene zingadye nthawi yonse. Sindinafotokozenso njira imene kalemberayu anachitikira. Wina akafunsa ngati manambalawa ndi odalirika, mungayankhe kuti owerenga anayenda khomo ndi khomo m'dziko lonse, ndipo aka kanali koyamba kulemba mayankho pa matabuleti m'malo mwa mapepala.

Chimene chandiwawa kusiya ndi mutu wa ulumali, umene ukusonyeza kuti munthu mmodzi mwa khumi aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina, komanso kuti anthu achialubino anali oposa 134,000. Nkhani imeneyi siyoyenera kuipanikiza m'masekondi makumi awiri, choncho ndikupempha kuti ipatsidwe nthawi yakeyake pa msonkhano wotsatira, makamaka popeza ikhudza mamangidwe a zipinda zimene tikupemphazi, monga makomo otakata ndi njira zokwerera njinga za olumala. Funso lina limene lingabwere ndi loti manambala a 2018 ndi akale. Yankho lake n'lakuti kalembera amachitika pafupifupi zaka khumi zilizonse, ndipo ana amene anawerengedwa nthawi imeneyo ndi omwewo ali m'makalasi mwathu.

Masilaidi ndawakonza mu PowerPoint, ndipo palibe chilembo chochepera saizi 28. Ndayesa kuyankhula zonsezi mokweza kawiri, wotchi ili patebulo, ndipo zinanditengera mphindi zisanu ndi zinayi ndi theka, koma inu muyesenso nokha chifukwa malonje a mafumu amatha kutenga nthawi yoposa imene ndaika. Popeza magetsi a ku holo ija sadalirika, ndakopera silaidi 2, 3 ndi 7 pa mapepala aakulu ndi maka, ndipo ndasindikiza tsamba limodzi la manambala onse loti ligawidwe mukamaliza kuyankhula, osati musanayambe. Ndibweretsa laputopu ndi mapepalawo ku ofesi kwanu Lachitatu nthawi ya 2 koloko masana kuti tidutsemo limodzi.

Ine wanu,
Mlembi wa bodi