Kalata kwa mmisiri yofotokoza vuto la sipika ya kwaya

Chonde, Mulanje
14 Julayi 2025

Bambo,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse kunyumba. Ndatuma mwana wa achemwali anga kuti akupatsireni sipika ya kwaya yathu ku shopu yanu ku Luchenza. Poti sinditha kubwera ndekha, ndaona kuti ndi bwino ndilembe zonse zimene taona, chifukwa sipikayi mukangoiyatsa imayimba bwinobwino ngati yatsopano, moti mukaiyesa kwa mphindi zisanu zokha mudzaibweza n'kunena kuti ilibe vuto.

Vuto lalikulu ndi kuzima yokha. Tikaitchaja mpaka timagetsi take tonse tinayi titayaka, n'kuiyimbitsa voliyumu ili pakati, imatha maola awiri osavuta. Koma tikakweza kwambiri kuti oyimba a kumbuyo amve, pakatha mphindi 15 kapena 25 mawu amayamba kuthetheka, kenaka imazima yonse ndi timagetsi tomwe. Imakonda kuzimira pamene nyimbo yafika pa ng'oma ndi besi, ndipo pa nyimbo za mawu okhaokha imapirira nthawi yotalikirapo. Tikadina batani nthawi yomweyo siyaka, mpaka itapuma pafupifupi mphindi imodzi, ndipo chodabwitsa n'chakuti ikayakanso imaonetsa timagetsi titatu, ngati kuti moto ulimo wambiri. Pa masiku asanu ndi limodzi amene taphunzira nyimbo posachedwapa, yachita zimenezi masiku asanu.

Poyamba tinkanamizira foni ya oyimbitsa kwaya, ndipo anthu anawanena ndithu, koma foniyo ilibe mlandu. Tinayesa mafoni awiri osiyana pa Bluetooth, iliyonse itaikidwa pambali penipeni pa sipika, ndipo inazima. Tinalumikiza waya pa AUX, inazimanso. Tinaika fulashi pa USB popanda foni iliyonse, zinachitikanso chimodzimodzi. Nthawi yokha imene sinazime ndi pamene tinaiyimbitsa ili pa chaja, ndipo tsikulo inatha ola lathunthu voliyumu ili pamwamba. Komabe polowetsa chaja pakugwedera: wayayo mukangoikhudza, kagetsi kofiira kamazima, moti timachita kuitchinjiriza ndi bokosi la machesi kuti isasunthe. Ndaonanso kuti kale inkatenga maola anayi kuti idzaze, pamene lero imaonetsa kuti yadzaza ola lisanathe. Ine ndikukayikira batire, koma oweruza ndinu.

Pali vuto linanso laling'ono, limene ndikuliona ngati lapadera. Kale munthu ankatha kuima ndi foni pakhomo la tchalitchi, mtunda wa mamita pafupifupi 10, nyimbo osaduka. Tsopano akangotalikira mapazi anayi kapena asanu, mawu amadukaduka ngakhale sipikayo ili chiyakire.

Sindikubisirani zimene yakumana nazo. Tinaigula ku Limbe mu 2023. M'mwezi wa Meyi chaka chino inagwa kuchoka pa benchi n'kumenyetsa ngodya ya kumanja pa simenti, ndipo muona pamene panakalika. Kudukaduka kwa mawu kunayamba sabata yomweyo, koma kuzima kunayamba mu Juni. M'mwezi umenewo inakhala masiku atatu pa windo la chipinda chosungiramo katundu nthawi ya chiperoni. Mvula sinaigwere, koma nsalu ya kutsogolo kwake inali yonyowa ndi chinyezi. Chaja yake yeniyeni inatayika, choncho tikugwiritsa ntchito ya foni yolembedwa kuti 5V 1A, pamene pansi pa sipikayo palembedwa 5V 2A. Ikamazima kumbuyo kwake kumakhala kofunda pang'ono, koma sitinamvepo fungo la chinthu chopserera, sinatupe paliponse, ndipo palibe amene anaitsegulapo.

Chonde muiyese itachotsedwa pa chaja, voliyumu ili pamwamba, kwa theka la ola kapena kupitirira. Nyimbo yachitatu pa fulashi imene ili m'jumbomo ndi imene imaizimitsa kawirikawiri. M'jumbo momwemo muli chaja ndi waya wa AUX, kuti muyese ndi zipangizo zimene ife timagwiritsa ntchito.

Musanagule kapena kusintha chilichonse, mundidziwitse kaye chimene chaonongeka ndi mtengo wake, chifukwa ndalamazi ndi zopereka za oyimba ndipo ndiyenera kukafotokoza ku komiti. Ngati kukonza kukufanana ndi kugula ina, mundiuze mosabisa. Tikuifuna pofika Loweruka pa 26 Julayi, pamene tikayimbe pa ukwati ku Thuchila. Mnyamatayo adzabweranso Lachinayi kudzamva yankho lanu.

Ine wanu,
Mlembi wa kwaya