Tsiku langa loyamba kuntchito ya utelala ku Limbe

Anzanga, ambiri mwakhala mukufunsa kuti tsiku loyamba linayenda bwanji. Khalani pansi ndikufotokozereni, ndipo muonere mpaka kumapeto.

Linali Lolemba, mu Januwale, sukulu zitangotsegulira. Aliyense wodziwa za utelala akudziwa kuti nyengo imeneyi telala sagona, makolo onse amafuna mayunifolomu tsiku limodzi. Ndinakwera minibasi ku Bangwe kusanache bwinobwino, nkutsikira ku Limbe, tepi yanga ndi sizasi zili m'chikwama.

Shopuyo ndi ya amayi ena achikulire, onse amangowatchula kuti aNachisale. Salankhula zambiri. Ananditambasulira nsalu yabuluu pathebulo, nkundipatsa choko.

"Madiresi a ana a Sitandade 3. Miyeso ili papepalapo. Msoko ukhale wowongoka."

Basi, malonje anathera pomwepo.

Ndinayamba bwino pa makina amagetsi. Koma itangokwana 10 koloko, magetsi thii! Makina onse zii. Anzanga awiri anangotulutsa mafoni, poti anazolowera. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa ndinamva ndekha mayi wina akulonjezedwa kuti adzatenge madiresi ake madzulo omwewo.

ANachisale anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza pakona.

"Iwe Chisomo, makina opalasa umawatha?"

Ndinati eya, ndinakulira pamenepo. Amayi anga anali telala, ankasokera pakhonde kwathu. Makina awo anawagulitsa mu 2016, chaka cha njala ija, kuti tigule chimanga komanso kuti ine ndimalize Fomu 4. Kuyambira pamenepo amagulitsa tomato ndi masamba pamsika, ndipo nkhani ya makinawo sitiyikamba pakhomo.

Ndinavundukula chitenje chimene anaphimbira. Singer yakuda, yakalekale, maluwa agolide aja atafufutika m'mbali momwe nsalu imadutsa. Mnzanga wina anandinong'oneza kuti, "Amenewo amadula ulusi, onse anawalephera." Ndinadonthezera mafuta, nkuika bobini, nkumasula pang'ono kasikuluwu kogwira ulusi. Nditangopalasa, ndinamva kugogoda kwina pansi, kumanzere, go, go, go. Phazi langa linasendera lokha kumanja, kugogodako nkusiya. Thupi lonse linachita tsembwe. Ndinadzifunsa kuti phazi langa ladziwa bwanji zimenezi?

Ndinadziuza kuti makina akale amafanana, ndisoke. Ndinasokadi, ulusi osaduka ngakhale kamodzi.

Cha m'ma 2 koloko singano inabuntha. Ndinakoka kadilowa kuti ndione ngati muli ina. Kadilowako kanatulukiratu konse, mabatani nkumwazika pansi. Potola, ndinaona kuti kunsi kwake kwalembedwa ndi bolopeni.

(Akuonetsa kunsi kwa kadilowako pa kamera)

Taonani nokha. "Chisomo, Sitandade 5. Chiuno 22, kutalika 30." Pansi pake, "Chisomo, Sitandade 8." Pansi pakenso, "Chisomo, Fomu 1." Pa miyeso ina yolembedwa pamenepo, seveni aliyense ali ndi kamzere pakati, mmene amalembera amayi anga.

Ndinangokhala pansi pasimenti pomwepo, misozi ili chuchuchu. ANachisale anabwera, osadabwa nkomwe. Anakoka mpando nkukhala pafupi nane.

"Ndimadikira kuti uona nthawi yanji," anatero.

Ndinawafunsa kuti, "Amayi, ndiye kuti mumadziwa? Ntchitoyi mwandilemba chifukwa cha chisoni?"

"Ayi mwanawe, usaganize choncho. Ntchito ndakulemba chifukwa cha kolala unasoka tsiku loyesedwa lija. Chisoni sichisoka kolala."

Ndinapukuta misozi. Ndinawauza kuti ndikayamba kulandira, azindidula pang'onopang'ono mwezi uliwonse mpaka makinawo ndiwawombole, ndikawabwezere kwa eni ake. Mtengo uliwonse umene anganene, ndivomera.

Anaseka chapansipansi, nkupita kukatsegula kabati. Anabwera ndi kope la sukulu lothaitha, nkundiika m'manja. Tsamba lililonse linali ndi madeti ndi ndalama: K500, K1,000, pena K200 yokha. Deti loyamba linali la mu 2017. Pambali pa ndalama iliyonse panali siginecha ya amayi anga.

"Sindingakugulitse chinthu chomwe si changa," anatero aNachisale. "Mayi ako akhala akubwera kuno ndi ndalama za tomato zaka zonsezi. Anamaliza mu Disembala. Anandipempha kuti ndisakuuze, makinawa akhale pompano mpaka udzawapeze wekha. Ndi ako."

Anzanga, ndinatuluka panja manja akunjenjemera, nkuwaimbira foni. Atayankha, kumbuyo kukumveka phokoso la pamsika, mawu anandithawa. Ndinangoti, "Amayi... kadilowa."

Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Wasoka madiresi angati?"

Ndinati asanu.

"Asanu okha? Ana a eni ake akudikira. Bwerera ukamalize, zinazo tidzakamba kunyumba."